Tinaika mwana woti adzatiike

Chimwalirireni mwana wanga wachisamba, anthu akhala akundipeza pakhonde ndi funso limodzi. Wina mnzake wa kuntchito waika mnyamata wa zaka 30, wina mlamu wake waferedwa mtsikana amene anali atangoyamba uphunzitsi, ndiye amati, "Anaphiri, inu zinakuonekerani, kodi tikafika tikanene chiyani?" Amene amafunsa chonchi si ana ayi. Ndi anthu oti agona m'masiwa osawerengeka, ena ndi anzanga a Chigwirizano amene amatha kutsogolera nyimbo kuchokera madzulo mpaka tambala woyamba. Koma akamva kuti womwalirayo ndi munthu wamkulu, ndipo bambo ake ndi mayi ake ali moyo, pakamwa pamawauma. Ndilemba zimene ndimawauza, monga mmene zinatichitikira kwathu kuno cha ku Santhe, m'boma la Kasungu.

Mwana wathu anali ndi zaka 36. Ankakonza galimoto ku Lilongwe, anakwatira mkazi wa cha ku Kapiri ku Mchinji, ndipo anali ndi ana atatu. Chinamutenga ndi kuthamanga kwa magazi kumene iye sankakudziwa, kufikira kunawononga impso. Tinayamba kuona miyendo kutupa, kenaka nkhope, ndipo pamene tinkamva dzina la matendawo kunali kutada kale. Anamwalira kuchipatala, anzake a kugalaja n'kubweretsa thupi pa lole usiku. Amfumu anauzidwa, masamba anaikidwa pamsewu, adzukulu analawirira kumanda, amayi a m'mudzi anasonkha ufa ndi nkhuni. Pa mwambo wokha, palibe chimene mudzi wathu unaphonya. Vuto linali pa mawu.

Mawu opepesera amene tonse tinakula tikumva anakonzedwera maliro ena. Akamwalira agogo timati anakula, aona zidzukulu, akapume, ndipo anamfedwa amagwedeza mutu chifukwa ndi zoona. Likapita khanda amayi amanong'oneza mnzawo kuti akadali mtsikana, Mulungu adzamukumbukira. Kaya mawu amenewo amatonthozadi kaya ayi, komabe alipo, ndipo munthu amakhala ndi choti atulutse pakamwa. Kwa mkazi wamasiye timalankhula za ana, kuti alimbe mtima chifukwa cha iwo. Tsono tayesani kutenga mawu onsewa mupite nawo kwa mayi wa zaka zopitirira 60 amene wakhala pamphasa pambali pa bokosi la mwana wake. Simunganene kuti anakula, pakuti amene mukuwauzawo ndiwo anakula. Simunganene kuti adzabereka wina. Simunganene kuti alimbe chifukwa cha ana, poti mwana amene akanalimbira ndi amene wagonayo. Munthu amafufuza m'thumba la mawu n'kupeza kuti chilichonse chimene watulutsa n'cha maliro a eni ake, ndiye amangotola chimene chayandikira. Apa m'pamene pamachokera mawu opweteka, ndipo amene amawalankhula amakhala anthu okukonda.

Amene ndinawamva kwambiri ndi akuti, "Limbani mtima amayi, muli ndi ana ena." Ndili nawodi, atatu. Koma palibe mwa iwo amene ndinamubereka ndili mtsikana wosadziwa ngakhale kusambitsa khanda, palibe amene ndinayenda naye kumbuyo usiku kupita kuchipatala malungo atamugwira, amuna anga akutsogola ndi nyali. Mwana aliyense ali ndi malo ake ake, ndipo mnzake sakhalapo. Mawuwa amapwetekanso ana otsalawo, amene nthawi zambiri amakhala pomwepo akumva. Mtsikana wanga wachiwiri anadzandiuza patapita nthawi kuti anthu akamanena zimenezi, iye ankamva ngati akumusenzetsa ntchito yokhala achimwene ake, chikhalirecho nayenso akulira.

Ena ankati, "Mulungu amatenga abwino." Ine ndine Mkhristu, ndipo sindinasiye kupemphera, koma tsiku limenelo mumtima ndinkafunsa kuti nanga ine wotsalane ndine woipa kodi? Ena amafika n'kuyamba kufunsa kuti zinayamba bwanji, anadwala nthawi yaitali bwanji, kuchipatala anati chiyani. Mudziwe kuti funso limeneli mayiyo wayankha kale kwa aliyense amene walowa inu musanafike, ndipo nthawi iliyonse akayankha amabwerera kuwodi kuja. Pali nthawi yake yofotokoza za kadwalidwe ka malemu, ndipo atsibweni ake kapena woimira banja amanena pagulu thupi lisananyamuke. Dikirani mumve pamenepo. Komanso munthu wa zaka za m'ma 30 akamwalira atadwala, funso loti "anadwala chiyani" limakhala ndi mchira, ndipo kholo limaumva mchirawo ngakhale wofunsayo alibe maganizo amenewo. Choipitsitsa ndi uphungu wochedwa: mukanapita naye kwa asing'anga akuti, mukanathamangira kuchipatala cha mishoni. Kholo limakhala likudziimba kale mlandu umenewu usiku uliwonse. Ine ndinkawerenga maulendo onse amene anabwera kumudzi akudandaula mutu, ine n'kumupatsa panado. Sindinkasowa wondithandiza kuwerenga.

Chachiwiri chimene chimaumitsa pakamwa ndi malo amene kholo limakhala pa maliro a mwana wokwatira. Namfedwa woonekera ndi mkazi wamasiye ndi ana, ndipo n'koyenera kutero. Mpongozi wanga anali mtsikana wa zaka zosakwana 30 wotsala ndi ana atatu, wamng'ono akuyamwa. Anthu akalowa m'siwa ankayamba ndi iye, n'kufika kwa ine mawu atatha. Powerenga mbiri ya malemu anati anabadwa chaka chakuti, anaphunzira kwakuti, wasiya mkazi ndi ana atatu. Zinathera pomwepo. Palibe amene anati wasiyanso mayi ndi bambo. Sindikudandaula za wowerengayo, ndi mmene timawerengera mbiri kulikonse, chifukwa kawirikawiri munthu akamamwalira makolo ake amakhala atatsogola kale. Koma ngati inu mwapatsidwa ntchito yolemba mbiri pa maliro otere, onjezerani mzere umodziwo. Sutenga nthawi, ndipo makolowo adzaukumbukira.

Za abambo ndiye n'zovutirapo. Ife amayi tili ndi siwa. Timalira mokweza, timatchula dzina, anzathu amatigwira mapewa, nyimbo zimatinyamula. Amuna anga anagona panja pamoto ndi abambo anzawo, akukamba za mitengo ya fodya ku Chinkhoma ndi za mvula, chifukwa ndi mmene abambo amachezera pa maliro. Aliyense wobwera ankawagwira chanza n'kuti, "Limbani aBanda, ndinu mwamuna." M'mawa anawadzutsa kuti apite ndi amfumu akaloze malo okumba. Kenaka ankawafunsa za mbuzi, za mafuta a lole, za alendo a ku Mchinji kuti agona kuti. Munthu woferedwa mwana anasanduka kapitawo wa mwambo.

Pali chinthu chimene anthu sanachione. Zaka zingapo m'mbuyomo amuna anga anagwetsa mtengo wa malaina kuseri kwa nyumba, n'kuchekesa matabwa, n'kuwasanjika kudenga kwa chigafa. Anauza mwana wathu yemweyo kuti, "Awa ndi anga, tsiku langa likadzafika usadzavutike n'kugula bokosi." Mnyamatayo anaseka n'kunena kuti adzawagulira la mutauni lonyezimira. Usiku umene uthenga unafika, lole isanabwere, ndinawapeza m'chigafa ali pa mpando, tochi kukamwa, akutsitsa matabwa aja limodzilimodzi n'kumawapukuta fumbi ndi malaya. Anzake a kugalaja anabwera ndi bokosi logula kale, choncho matabwawo sanagwire ntchito. Anawabweza okha m'mawa anthu asanadzuke. Pa maliro onse sananene mawu okwana khumi okhudza mwana wawo, ndipo anthu ankawayamikira kuti ndi olimba mtima. Mukapita kukapepesa, musathere kwa amayi okha. Khalani pansi pafupi ndi bamboyo, ndipo musawauze kuti alimbe. Ngati ndinu wachibale, alandeni ntchito: mafunso a mbuzi ndi a lole abwere kwa inu.

Tsopano ndinene chimene makolo ambiri sanena chifukwa cha manyazi. Mwana wamkulu amakhala atasanduka mzati wa pakhomo. Wathu ankatumiza ndalama pa foni mwezi ukatha, ndipo chaka chilichonse mu Okutobala ankabwera ndi matumba anayi a feteleza pa galimoto ya kasitomala imene ankati akuiyesa. Mankhwala a amuna anga ankagula ndi iye, fizi ya mng'ono wake wotsiriza ankalipira ndi iye. Atapita, zonsezi zinapita naye tsiku lomwelo. Koma kholo silingatsegule pakamwa n'kunena kuti "nanga feteleza atigulira ndani", chifukwa zimamveka ngati ukulira ndalama osati mwana. Ndiye umameza. Ukagona usiku mantha a njala ndi chisoni cha mwana zimabwera pamodzi, n'kuyamba kudzida wekha kuti ndine mayi wotani woganiza za chimanga mwana ali m'manda. Ichi n'chifukwa china chimene imfa imeneyi imasowetsa mawu: theka la zimene zikukupweteka n'zoti sungazitchule pagulu.

Wopepesa wanzeru amadziwa zimenezi popanda kuuzidwa, ndipo sazitchula m'siwa. Mayi wina anandiuza molira kuti, "Kalanga ine, mudya chiyani tsopano?" Ankanena zoona, koma anandivula pagulu. Njira yabwino ndi ya manja. Chipepeso chimene mumapereka kwa wolemba m'kope, kaya ndi K1,000 kaya K5,000, chimalowa m'thumba la mwambo: ndiwo, shuga, mafuta a galimoto, ndipo chikatsalako chimapita kwa mkazi wamasiye. Kwa ife sikunafike kanthu, ndipo sitinayembekezere. Ngati mukufuna kuti makolo alandire, perekani cha m'kope monga mwa mwambo, koma china musunge, mudzabwere nacho anthu atabalalika n'kuwapatsa m'manja muli awiri. Ndipo ngati mungathe, chibwere pa nyengo imene mwanayo ankathandiza. Mlongo wanga anafika kumayambiriro kwa Novembala ndi thumba limodzi la feteleza pa njinga, analitula pakhonde n'kuyamba kukamba za nkhuku zake zimene zinatha ndi chitopa. Sanatchule chifukwa chimene wabweretsera, nafenso sitinafunse.

Mawu ena amene ndinamva kambirimbiri ndi akuti, "Musalire, wakusiyirani zidzukulu, muzimuona mwa iwo." Wonena amaiwala mwambo wathu womwe. Kwa ife Achewa ana ndi a mbumba ya mayi awo. Mwana wamkazi akamwalira, zidzukulu zimakhala zako, zimabwera pakhomo pako, ndipo vuto limakhala la kuzilera ndi mphamvu zimene zatha. Koma akamwalira wamwamuna, ana amatsata mayi awo. Titasesa, mpongozi wanga anabwerera ku Lilongwe kukalongedza, lendi inamukanika, n'kupita kwawo ku Kapiri ndi ana onse atatu. Sanalakwe chilichonse. Ndi kwawo, ndipo atsibweni a anawo ali komweko. Koma kwa ife zinali ngati maliro achiwiri. Kuchoka kuno kufika ku Kapiri si kutali kwenikweni, msewu ndi womwewu wopita ku Kamwendo, koma amene ankabwera nawo ana pa holide ndi uja anapitayu. Musanalonjeze makolo chitonthozo cha zidzukulu, yambani mwadziwa kumene anawo akakhale.

Pa nkhani imeneyi ndiwachenjezenso makolo anzanga, poti ubale ndi mpongozi umaonongeka m'masabata oyambirira, ndipo chimauononga ndi katundu. Abale ena anabwera kudzatiuza kuti tipite ku Lilongwe tikatenge zipangizo za kugalaja ndi firiji mkaziyo asanazigulitse. Amuna anga anakana. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Lamulo lomwelo limawerengeranso kholo limene linkadalira malemu pa nthawi ya imfa yake kuti lingathe kulandirako gawo, koma njira yake ndi yokambirana kapena kupita ku ofesi ya bwanamkubwa, osati kufika ndi lole. Ife tinapempha chinthu chimodzi, jekete imene ankavala akabwera kumudzi, ndipo mpongozi wanga anatipatsa ndi manja awiri. Lero amatiimbira foni n'kupatsa ana kuti alankhule nafe. Ndikudziwa makolo amene anapeza firiji n'kutaya zidzukulu.

Ndifike pa chinthu chakuda kwambiri. Munthu wamkulu wathanzi akamwalira makolo ake okalamba ali moyo, kumudzi sakhutira ndi mawu a dokotala. Pamakhala wina woyamba kunong'ona kuti imfa imeneyi si yabwino. Chaka chimenecho fodya wathu anachita bwino, ndipo tinali titangofolera nyumba ndi malata. Patapita masabata ochepa ndinaona kuti ana a pafupi amene ankabwera kudzatola mango asiya kubwera. Kuchitsime amayi ankasintha nkhani ndikafika. Mnzanga wina ndiye anandiuza kuti mbiri yayenda yoti aBanda anakhwimira mwana wawo kuti apeze malata. Malatawo anagula ndi mwana yemweyo! Sindingathe kulongosola mmene zimamvekera kuikidwa mlandu wa imfa ya mwana amene unamuyamwitsa. Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa lamulo la dziko lino kuyambira 1911, koma manong'onong'o alibe mwini woti ungakamusumire, ndipo tonse tamvapo za okalamba amene anamenyedwa, ena kuphedwa kumene, chifukwa cha mawu oyamba chonchi.

Chimene chinazimitsa moto umenewu si ulaliki. Mkulu wa mpingo wina wa m'mudzi mwathu, munthu wosalankhulalankhula, anayamba kubwera masana ndi akazi ake n'kukhala pabwalo poonekera. Tsiku loyamba anati, "Anaphiri, tabwera ndi njala, tiphikireni." Ndinaphika nsima ya nkhwani wotendera, anadya mpaka kupempha ina, anthu akudutsa pamsewu akuona. Anabweranso ndi zidzukulu zawo, nazonso zinadya. Kumudzi aliyense amadziwa tanthauzo la kudyetsa mwana wako pakhomo pa munthu amene akunenedwa. Kenaka anapita kwa amfumu, ndipo amfumu pa msonkhano wotsatira ananena poyera kuti mnyamatayo anamwalira ndi impso, aliyense amene ali ndi mawu ena abwere nawo pabwalo. Palibe anabwera. Ngati muli pafupi ndi makolo oferedwa ndipo mwamva kanong'onong'o kotere, musadikire kuti kakule. Pitani mukadye pakhomopo, ndipo amfumu adziwe msanga.

Nanga mawu amene anandithandiza ndi ati? Ndi ochepa, ndipo onse anali ndi chinthu chimodzi: ankakamba za mwana wangayo, osati za imfa. Kholo la munthu wamkulu limadziwa bwino ubwana wake, koma zaka zake zauchikulire anazikhala kwina, pakati pa anthu amene ife sitiwadziwa. Tsiku la kusesa, mnyamata wina wovala ovolosi yothimbirira anabwera n'kugwada patsogolo panga. Anati, "Amayi, inu simundidziwa. Ine ndinkatsuka galimoto pafupi ndi galaja. Achimwene anandiitana tsiku lina n'kundipatsa sipanala, anati udzatsuka mpaka liti. Andiphunzitsa zaka ziwiri osandilipiritsa, ndipo masana ankagula chipisi n'kugawa pakati. Akamagawa ankati amayi anga anandiuza kuti munthu sadya mnzake akuyang'ana." Ine sindikumbuka n'komwe tsiku limene ndinanena zimenezo. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda, koma kunali kulira kwina. Mnyamata uja anandipatsa gawo la mwana wanga limene ndinalibe.

Choncho amene munagwira ntchito ndi malemu, amene munaphunzira naye, amene munkapemphera naye mutauni, ndinu muli ndi chipepeso chimene wina aliyense alibe. Musachoke mutangogwira chanza. Pezani mpata, dzitchuleni kuti ndinu ndani, n'kunena chinthu chimodzi chenicheni chimene munaona: nthabwala imene ankakonda, tsiku limene anakuthandizani, zimene ankanena za kwawo. Kunena kuti "anali munthu wabwino" sikokwanira, poti amanenera aliyense. Ndipo tchulani dzina lake. Pakapita mwezi anthu amaleka kulitchula poopa kukukumbutsa, ngati kuti unaiwala. Amayamba kunena kuti "malemu aja", kenaka "zija zinachitika zija", mapeto ake amangokhala chete. Ine ndikamva dzina la mwana wanga pakamwa pa munthu wina, ngakhale misozi ibwere, tsiku limenelo ndimadya bwino.

Wina amene anandithandiza ndi gogo wa mudzi woyandikana nawo amene anaika ana ake akuluakulu anayi m'zaka za m'ma 1990, nthawi imene Edzi inkasesa midzi mankhwala otalikitsa moyo asanafike. Analowa m'siwa ndi ndodo yake, anakhala pambali panga, n'kuika dzanja pabondo langa. Anakhala choncho mpaka kwaya inamaliza nyimbo zingapo. Ponyamuka anati, "Mwana wanga, sizitha. Koma udzayamba kugona." Ndi yekhayo amene sanandinamize. Ena onse ankati nthawi idzapoletsa, ndipo miyezi itapita osapola ndinkaganiza kuti mwina chikhulupiriro changa n'chochepa. Mawu a gogo aja ndi amene anandisunga, chifukwa ndinkadziwa kuti zimene ndikumva si matenda. Komabe mawu oterowa ndi a munthu amene anadutsamo. Ngati simunaikepo mwana, musanene kuti mukudziwa mmene zikupwetekera, ngakhale munaika mayi anu kapena amuna anu. Nenani kuti, "Pepani amayi, ndilibe mawu," n'kukhala pansi. Kukhalako ndiye kupepesa kwake.

Pa za nthawi, masiku a maliro enieniwo kholo silimva zambiri. Anthu ndi ochuluka, mutu uli zii. Zimayamba kulowa akasesa, mahema akachotsedwa, mapoto obwereka akabwezedwa, mwatsala awiri m'nyumba. Kwa ine mwezi wachiwiri ndi wachitatu ndiyo inali yoopsa, makamaka masiku otsiriza a mwezi pamene foni inkayenera kulira. Apa m'pamene alendo amafunika, ndipo m'pamene sabwera. Amuna anga ndi pamene anayamba kusintha. Analeka kumwa mankhwala awo, nsima ankangoitsina, nazale ya fodya inauma iwo ali pakhonde. Anayamba kusowa madzulo n'kubwera akununkha kachasu, munthu woti sankamwa. Tsiku lina ndinawamva akuuza mbale wawo kuti, "Ine ndatsalira chiyani, bola ndimutsatire." Anthu ambiri amamva mawu amenewa n'kuti ndi kulira chabe. Musawatenge choncho. Mbale wawoyo tsiku lomwelo anatenga mabotolo onse a mankhwala opopera fodya ndi a m'chimanga n'kukawatsekera kwake, anayamba kugona kwathu, ndipo anawafunsa maso ndi maso ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa munthu maganizowo, kumamutsegulira pakamwa. Anawaperekeza kuchipatala, kumene anawayeza, kuwabwezera pa mankhwala awo ndi kuwalumikiza ndi namwino woona za maganizo. Chisoni chokha si matenda, koma munthu akaleka kudya, kugona ndi kudzisamala kwa masabata, kapena akayamba kukamba zotsatira malemu ndi kugawa zinthu zake, pamenepo mapemphero ayende limodzi ndi chipatala.

Chimene chinawadzutsa pang'ono amuna anga ndi ntchito ya chiliza. Chaka chitatha, titakolola, mbale wawo uja anawauza kuti njerwa aumbe okha. Anaumba, anaotcha, anatuta mchenga ndi ngolo. Mpongozi wathu anabwera ndi ana, anzake a kugalaja anasonkha simenti. Mawu olemba pachiliza anasankha ndi iwo, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akutchula dzina la mwana wawo mokweza chimwalirireni. Ngati mukuthandiza banja lotere kumanga chiliza, musabwere ndi amisiri n'kumaliza zonse makolo akungoonerera. Asiyireni gawo loti agwire ndi manja awo.

Ambiri amene muwerenge izi muli kutali, ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni, ndipo mupepesa pa foni. Musatumize chithunzi cha kandulo chimene mwalandira kwa wina, ndipo musaike nkhope ya malemu pa intaneti musanatsimikize kuti makolo ake auzidwa ndi munthu wofika pakhomo. Ndikudziwa mayi amene anamva za imfa ya mwana wake kwa mdzukulu wosewera ndi foni. Mukaimba tsiku la maliro, lankhulani mwachidule, chifukwa foniyo imakhala m'manja mwa wina ndipo mayiyo sakumva bwino. Kuimba kwenikweni kukhale pakapita masabata atatu kapena anayi. Uthenga wolemba umene ndinausunga unachokera kwa mnzake wa kusekondale, ndipo unali wotere: "Amayi, ndine mnzake uja tinkabwera naye pa holide n'kumakuberani nzimbe kudimba. Ndamva. Ndilibe mawu. Ndibwera mwezi wamawa pa 15 kudzakuonani inu ndi abambo, musavutike kuyankha." Sindinayankhedi, monganso sindinayankhe ena ambiri. Pa 15 anafika ndi shuga ndi sopo, anakhala tsiku lonse, ndipo madzulo anathandiza amuna anga kukonza khola la mbuzi asanakwere basi yobwerera.